Mwajambula vidiyo ya kusamba m'manja, nanga pansi pakepo mulembapo chani? Nawa masitepe ake

Mwezi wathawu kunabwera achemwali ena omwe amagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kuno ku Mzuzu, foni ili m'manja akudandaula kuti vidiyo yawo palibe akuyipeza. Anaijambula bwino ndithu kuseri kwa nyumba ina ku Chibavi, ndowa yokhala ndi kampopi ili pa mpando, sopo ali pa kambale, mayi wina akusamba m'manja iwo akufotokoza m'Chichewa, mphindi 2 ndi masekondi 40. Anaiika pa YouTube ndi pa Facebook koma atasaka okha pa foni ya mnzawo sinatuluke olo pang'ono. Nditayang'ana mutu wake unali dzina la fayilo lomwe foni inapereka lokha, zija zoyamba ndi VID kenako manambala, ndipo pansi pake pa disikiripishoni analembapo mawu awiri basi, "Tiyeni tionere".

Vuto lake ndi lomweli. Makina osakira aja sakumva Chichewa chomwe mukuyankhula mu vidiyomo momwe amamvera Chizungu, ndiye chomwe amadalira kwambiri ndi zomwe mwalemba ndi zala zanu, mutu ndi disikiripishoni. Mukapanda kulemba ndiye kuti vidiyo yanu ili ngati thumba la ufa lopanda dzina mu depoti. Koma mbali inayo, poti iyi ndi nkhani ya umoyo, zomwe mwalembazo anthu amazitenga ngati uphungu wa kuchipatala, ena amawerenga pansipo pokha osaonera nkomwe chifukwa bandulo yatsala pang'ono. Ndiye tikufuna zinthu ziwiri pakamodzi, ipezeke komanso isaname. Ndikuuzani momwe tinaikonzera ya achemwaliyi sitepe ndi sitepe.

Sitepe yoyamba, musalembe kanthu musanaonerenso ndi pepala

Izi anthu amadumpha chifukwa amati ndinajambula ndekha ndikuidziwa. Ayi, zomwe mumafuna kujambula ndi zomwe zinalowa mu kamera zimasiyana. Tinatenga kope ndi bolopeni, tikuonera tikuimitsa, tikulemba nthawi ndi chomwe chikuoneka. Pa 0:00 akutchula nthawi zosambira, pa 0:25 mayi aja akunyowetsa manja ndi kupaka sopo, pa 0:45 akutikita, pa 1:20 akutsukuluza ndi kugwedeza manja kuti aume ndi mphepo, pa 1:50 akuonetsa mpondagiya wa kagaloni ndi chingwe.

Apa ndi pomwe tinagwira chinthu chachikulu. Achemwali amafuna kulemba kuti "tikuonetsa kutikita kwa masekondi 20", koma titayeza ndi wotchi ya pa foni kutikita komwe kukuoneka kunali masekondi 12 okha, chifukwa yemwe anaidula vidiyo anachotsako pakati kuti ifupike, nthawi yotsalayo kamera inali pa nkhope ya achemwali akufotokoza. Munthu yemwe akutsanzira zomwe akuona asiya pa 12 akuganiza kuti wakwanitsa 20. Njira ndi ziwiri, kubwezeretsa kagawo kodulidwako kapena kunena zoona mu disikiripishoni kuti mu vidiyomu tafupikitsa, inu tikitani osachepera masekondi 20. Ife tinasankha kulemba zoonazo chifukwa fayilo yoyambirira inali itafufutidwa kale.

Ndipo pa manambalawa samalani, pali awiri omwe amasokoneza anthu. A CDC, bungwe la ku Amerika loona za kapewedwe ka matenda, amati kutikita ndi sopo kukhale kosachepera masekondi 20. A WHO pa chithunzi chawo chija chimapachikidwa m'zipatala amati masekondi 40 mpaka 60, koma iwo akuwerenga ntchito yonse kuyambira kunyowetsa mpaka kuumitsa. Sakutsutsana ayi, akuyeza zinthu zosiyana. Ndiye mukalemba nambala nenani kuti ndi ya chani, "kutikita masekondi 20" kapena "zonse pamodzi masekondi 40 mpaka 60", osangoti "sambani masekondi 20" chifukwa wina awerengera ndi nthawi yotsegula mpopi yomwe.

Sitepe yachiwiri, pezani mawu omwe anthu amataipa osati a mu lipoti

Ife a zaumoyo tili ndi chizolowezi cholemba ngati tikulembera abwana ku ofesi, "kulimbikitsa ukhondo m'madera pofuna kuchepetsa kufala kwa matenda". Palibe mayi wa ku Masasa kapena mnyamata wa kabaza pa Katoto yemwe angataipe zimenezo. Amataipa "kusamba mmanja", "kupewa kolera", "mwana akutsegula mmimba", basi.

Tsegulani YouTube pa foni, yambani kutaipa "kusamba" mu kabokosi kosakira osadina kanthu, muone zomwe ikumalizitsa yokha. M'Chichewa nthawi zambiri zimatuluka zochepa kapena osatuluka kumene, ndiye musadalire zokhazo, funsani anthu atatu anayi omwe sali a zaumoyo kuti mutafuna vidiyo yotere mungalembe chani. Ife tinafunsa mayi wogulitsa mandasi, mwana wa sukulu wa fomu 3 ndi mlonda, onse atatu analemba "mmanja" opanda kachizindikiro kapamwamba kaja. Anthu pa foni sakavutikira kameneko. Ndiye mu mutu lembani molondola, m'manja, koma penapake pansi mulowetsemo "mmanja" kamodzi. Chimodzimodzi kolera, ena amalemba kolela ena amalemba mwa Chizungu.

Chinanso chomwe ndikufuna muchigwire, musalembe "kusamba" payekha. Tonse tikudziwa kuti mawuwa ali ndi matanthauzo angapo, kusamba thupi lonse kubafa, komanso kusamba kwa amayi kwa pamwezi. Mutu woti "Kasambidwe koyenera" ukoka anthu omwe akufuna zina, atsegula masekondi asanu n'kutseka, ndipo anthu akamatseka msanga chonchi YouTube imatha kuchepetsa kuionetsa kwa ena. Nthawi zonse muzimanga pamodzi, kusamba m'manja ndi sopo.

Poti tili ku Mzuzu musaiwale Chitumbuka. Anthu ambiri kuno amamva Chichewa bwinobwino koma posaka ena ataipa "kugeza mawoko". Ikani mzere umodzi wa Chitumbuka, ndipo ngati si chiyankhulo chanu pemphani mwini wake akulembereni osati kungolota. Koma nenani poyera kuti vidiyoyo ikuyankhulidwa m'Chichewa, kuti agogo a ku Ekwendeni omwe amayembekezera kumva Chitumbuka asaone ngati mwawapusitsa. Mawu a Chizungu osakira nawonso ndi ofunika chifukwa aphunzitsi, ana a ku Mzuni ndi a mabungwe amasaka m'Chizungu, kamzere kamodzi kokwanira monga aka:

```
Handwashing with soap, Chichewa, Mzuzu, Malawi
```

Sitepe yachitatu, mutu ndi mizere iwiri yoyamba

YouTube imalola zilembo 100 pa mutu ndi 5000 pa disikiripishoni, koma pa foni mutu wautali umadulidwa ndipo disikiripishoni imangooneka koyambirira kokha, zinazo mpaka munthu adine kuti aone zambiri. Pa Facebook ndi chimodzimodzi, pamabwera `See more`. Ndiye malo odula kwambiri ndi oyambirirawo, musawawononge ndi moni wautali, dzina la pulojekiti kapena kuthokoza omwe anapereka ndalama. Kuthokozako kupite pansi, sikuthawa.

Mutu wathu unakhala "Kusamba m'manja ndi sopo: njira yoyenera popanda mpopi (Chichewa, Mzuzu)". Mawu osakidwa ali kutsogolo, ndipo "popanda mpopi" ndi chomwe chikusiyanitsa vidiyoyi ndi zina zambirimbiri zojambulidwa pa sinki yoyera ya kunja, zomwe munthu wa ku Mchengautuwa wotunga madzi pa kiyosiki amaonera n'kuti izi si za ife.

Mizere yoyamba inayankha mafunso atatu, muli chani, ndi ya ndani, ili m'chiyankhulo chanji. Tinalemba chonchi: "Vidiyoyi ikuonetsa kasambidwe ka m'manja ndi sopo ndi madzi othira pogwiritsa ntchito ndowa ya kampopi ndi mpondagiya. Ndi ya makolo, ogulitsa zakudya ndi ana asukulu, ndipo ili m'Chichewa. Kusamba mmanja ndi sopo kumachepetsa chiopsezo cha kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba."

Sitepe yachinayi, sefani chiganizo chilichonse chonena za matenda

Apa ndi pomwe ndimakhalitsa, chifukwa ndi pomwe disikiripishoni ingavulaze munthu. Achemwali poyamba analemba kuti "sopo amapha majeremusi onse, mukasamba simungadwale kolera". Ndikumvetsa, amafuna anthu achite mantha abwino, tonse tikukumbukira mliri womwe unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, momwe unavutira ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga kuno kumpoto. Koma ziganizo ziwiri zonsezo si zoona. Ntchito yaikulu ya sopo ndi kumasula mafuta ndi litsiro pomwe tizirombo tamatirira kuti madzi atikokolole, ndiye mawu oyenera ndi "kuchotsa", osati "kupha onse". Ndipo kolera imalowa kudzera m'madzi akumwa ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, munthu atha kusamba m'manja bwinobwino n'kudwalabe chifukwa wamwa madzi a pachitsime osathira klorini. Akadwala chonchi pomwe inu munamulonjeza kuti sangadwale, ulendo wina sadzakumverani, ndipo adzauza anzake kuti za achipatalazi n'zabodza. Lembani "kumachepetsa chiopsezo", ndipo onjezani chiganizo chimodzi choti kusamba m'manja sikulowa m'malo mwa kumwa madzi otetezedwa, kugwiritsa ntchito chimbudzi ndi katemera.

Lamulo lomwe ndimagwiritsa ntchito ndi loti chomwe mulibe mu vidiyo chisalowe mu disikiripishoni ngati nyambo. Pamabwera chiyeso choti tilembeponso Edzi, malungo, Covid ndi zina kuti anthu ambiri aipeze. Malungo ndi a udzudzu, HIV sipewedwa ndi kusamba m'manja, mukawaika pamenepo wina amvetsa molakwika, komanso YouTube imaletsa kuunjika mawu osagwirizana ndi vidiyo. Za sanitaiza nazo, mu vidiyo yathu munalibe ndiye sitinaitchule. Ngati mu yanu ilimo lembani zonse, kuti ikhale ya mowa wosachepera 60 peresenti komanso kuti sigwira bwino m'manja mooneka litsiro kapena mafuta, monga mwa munthu yemwe wangochoka kudimba kapena wosintha mwana thewera. Za phulusa funsani kaye a zaumoyo a m'dera lanu kuti uthenga omwe akupereka pano ndi wotani, ndipo olo mulitchule lembani kuti ndi pomwe sopo wasoweratu, musaliike pa mzere umodzi ndi sopo ngati n'zofanana. Miyezo ya klorini ndiye musaikopere kwa mnzanu pa WhatsApp, wothira m'madzi akumwa, wosambira m'manja ndi wotsukira pansi mphamvu zake n'zosiyana, mukasokoneza mwapweteka anthu.

Nthawi zosambira zilembeni momwe zatchulidwira mu vidiyo, osaonjezera osachotsera. Mwa ife munali zisanu, pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera kapena kumusetetsa, musanakonze chakudya, musanadye, ndi musanadyetse kapena kuyamwitsa mwana. Ndinawapempha achemwali aonjezere chiganizo cha beseni, poti mu vidiyo anachinena pa 1:20 koma mothamanga. Kwathu kuno nsima ikafika beseni limodzi limazungulira kuyambira kwa abambo mpaka kwa mwana womaliza, ndipo womalizayo amasamba m'litsiro la onse. "Thiranani madzi, osasambira m'beseni limodzi" ndi chiganizo chachifupi koma kwa ine ndi chomwe chili ndi ntchito kuposa zonse mu disikiripishoni imeneyi.

Mukamaliza perekani kwa munthu wa zaumoyo wina yemwe sanalembe nawo, namwino, a zaukhondo kapena mlangizi mnzanu, awerenge akuonera vidiyo. Musalembe kuti "yavomerezedwa ndi Unduna wa Zaumoyo" kapena kuika dzina la WHO ngati kuti ndi eni ake pomwe sanaione. Mutha kunena kuti njirayi ikutsatira malangizo a WHO ngati ikutsatiradi, zimenezo n'zosiyana ndi kuvomerezedwa.

Sitepe yachisanu, nthawi za magawo

Kope lija la sitepe yoyamba likugwiranso ntchito apa. Mukalemba nthawi mu disikiripishoni YouTube imaigawa vidiyo m'magawo oti munthu adumphire pomwe akufuna, zomwe zimathandiza yemwe bandulo yake ndi yowerengera. Malamulo ake ndi atatu, yoyamba iyambe pa 0:00, zikhale zosachepera zitatu motsatana, ndipo gawo lililonse lisachepere masekondi 10.

```
0:00 Nthawi zofunika kusamba m'manja
0:25 Kunyowetsa ndi kupaka sopo
0:45 Kutikita zikhato, kuseri, pakati pa zala, zikhadabo
1:20 Kutsukuluza ndi kuumitsa
1:50 Mpondagiya ngati mulibe mpopi
```

Magawo akapanda kuoneka kawirikawiri ndi chifukwa mwayambira pa 0:05 kapena gawo lina ndi lalifupi kwambiri. Taonani kuti mayina a magawowa nawonso ndi mawu osakidwa, munthu wofuna "mpondagiya" yekha atha kufika kudzera pamenepa. Kanthu kena kakang'ono komwe kanatichedwetsa, achemwali analemba ana osakwana zaka zisanu mwa chidule cha ku sikelo chija, `<5`, ndipo YouTube inakana kusunga chifukwa silola zizindikiro `<` ndi `>` mu disikiripishoni. Lembani m'mawu.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi, zapansi

Pansi penipeni ndi pomwe mumaika mwezi ndi chaka chomwe munajambula, dera, omwe apanga, ndi chochita munthu akadwala. Deti ndi lofunika chifukwa mavidiyo a umoyo amazungulira zaka, wina adzaiona patapita zaka zitatu n'kuyamba kufalitsa kuti ku Chibavi kwagwa kolera. Ndiye ngati kulibe mliri lembani kuti ndi uthenga wa kapewedwe, si chidziwitso cha mliri. Ife tinaikanso kuti munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi ayambe kumwa Thanzi ORS pompo akupita kuchipatala chapafupi, asadikire kuti kuche. Nambala ya foni ikani yokhayo yomwe mwaiyimba nokha tsiku lomwelo n'kuyankhidwa, osati yotola pa positala yakale, ndipo isakhale nambala ya munthu payekha. Mayi omwe akuoneka mu vidiyo sitinawatchule dzina kapena kulozera nyumba yawo, tinangoti ku Mzuzu, ndipo ngati mukuoneka ana ndiye chilolezo cha makolo chikhalepo kaye, dzina la mwana ndi sukulu yake zisalembedwe.

Mahashitagi atatu akwana, osati mzere wonse wa buluu:

```
#KusambaMmanja #Mzuzu #Handwashing
```

Mu hashitagi simulowa kachizindikiro kapamwamba kapena mpata, mukalemba ndi m'manja imaduka pa m. Ngati mukuitulutsa pa 15 Okotobala, tsiku lokumbukira kusamba m'manja pa dziko lonse lomwe linayamba mu 2008, mutha kusinthanitsa imodzi ndi `#GlobalHandwashingDay`, koma miyezi inayo ilibe phindu. Kabokosi ka `Tags` musataye nako nthawi yambiri, a YouTube eni ake amati kamathandiza pang'ono, makamaka pa mawu omwe anthu amalakwitsa kalembedwe, ndiye m'menemo ndi moyenera kuponyamo kolela, mmanja, m manja ndi zotero.

Za WhatsApp ndinene mwachidule poti kuno vidiyo zambiri zimayenda kumeneko. Munthu akatsitsa fayilo n'kuitumiza yekha, disikiripishoni yanu yonse imatsala. Ndiye konzani yaifupi ya mizere itatu yoti izipita ndi vidiyo, sinthani dzina la fayilo likhale la mawu, ndipo deti ndi mwini wake zilembedwe mu chithunzi cha vidiyo momwemo.

Sitepe yomaliza, yesani ngati mlendo

Musasake pa foni yanu chifukwa imakudziwani kale ndipo ikuonetsani zanu zomwe. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri, bwerekani foni ya munthu wina, taipani mawu aja anakupatsani anthu atatu aja limodzi limodzi. Ikatuluka pokhapokha mutataipa mutu wonse ndendende ndiye kuti mawu anu sakufanana ndi a anthu, bwererani ku sitepe yachiwiri. Onaninso kuti pa `Visibility` pali `Public`, chifukwa ya `Unlisted` imatseguka ndi linki koma posaka situluka, ndipo ambiri amagwa pamenepa osadziwa. Pakatha masabata awiri lowani mu YouTube Studio pa `Analytics`, muone komwe oonera akuchokera, pa `YouTube search` pamaoneka mawu omwe anthu anataipa, ngakhale oonera akakhala ochepa kwambiri mndandandawo umatha kukhala wopanda kanthu. Mukaonapo mawu omwe simunawaganizire koma akugwirizana ndi zomwe zili mu vidiyo, alowetseni mu chiganizo chimodzi, disikiripishoni imasinthika nthawi iliyonse osachotsa vidiyo.

Ya achemwali titaiyesa pa foni ya mlonda uja inatuluka pa "kusamba mmanja ndi sopo" komanso pa "mpondagiya", koma pa "kupewa kolera" sinaoneke, pamenepo panadzaza nkhani za mawayilesi ndi ma TV. Tinaisiya choncho osaunjikamo kolera kasanu, poti vidiyoyo ndi ya manja. Achemwali akuti Loweruka likubwerali abwereranso ku Chibavi ndi ndowa yomwe ija kukajambulanso gawo la kutikita lonse osadula, kuti kachiganizo koti "tafupikitsa" kadzachoke.